Banzi Tikabweze kwa Ndani?

Ndili m'chaka chachitatu ku koleji, aphunzitsi athu a phunziro la ziyankhulo anatigawira mitu yoti aliyense akafufuze n'kudzafotokoza pamaso pa kalasi yonse. Ine unandigwera mutu wa mmene ziyankhulo zimakumanirana m'tauni, makamaka kusinthasintha ziyankhulo pakati pa nkhani ndiponso mawu obwereka. Ndinasangalala mpaka kuomba m'manja. Mwana wobadwira ku Bangwe, wokwera minibasi ya ku Limbe tsiku ndi tsiku, angavutike ndi zimenezo? Ndinkaona ngati andituma kukatunga madzi mvula ikugwa.

Aphunzitsiwo anali mayi wamfupi wa magalasi opachika pachingwe, wosakweza mawu, koma tonse tinkawaopa. Anatipatsa malamulo awiri. Loyamba, tibweretse mawu a anthu enieni, ojambulidwa eni ake atavomera. Lachiwiri, pomaliza kufotokoza tiifunse kalasi mafunso atatu oti ikambirane, ndipo theka la malikisi likhala pa mafunsowo.

"Funso lomwe yankho lake lili kale m'buku langa si funso," anatero. "Ndikufuna funso loti nanenso ndikande m'mutu."

Ndinayamba ndi achimwene anga, omwe amakonza mafoni pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Ndinawatulutsira pepala langa la mafunso, ndinatsegula chojambulira mawu cha pafoni, n'kufunsa mwaulemu ngati amasakaniza Chingerezi akamayankhula Chichewa.

"Ine? Never!" anatero achimwene. "Ine ndimayankhula pure Chichewa. Zosakaniza zija ndi za mafana a masiku ano, ine I don't like it."

Ndinaseka mpaka misozi, iwo osadziwa chomwe ndikuseka. Nditawabwezera mawu awo kuti amve, anati foniyo ili ndi vuto, ndiisiye ayione. Tsiku limenelo ndinaphunzira chinthu chomwe aphunzitsi anatichenjeza ine osamva: munthu ukamufunsa mmene amayankhulira, amakuuza mmene amafunira kuti aziyankhulira. Pepala langa la mafunso khumi ndi awiri ndinalipinda n'kuliika pansi pa chikwama.

Komabe achimwene anandipatsa chitsanzo chabwino cha kusinthasintha ziyankhulo. Ndinakhala pabenchi pawo masana onse, iwo atandilola kujambula. Ndi kasitomala wa tayi ankathira Chingerezi chambiri kuti aoneke katswiri. Atabwera gogo wina wa ku Thyolo ndi kafoni komanga ndi labala, Chingerezi chonse chinathawa. Munthu wotere amadziwa ziyankhulo zonse ziwiri, ndipo amasankha yekha polumphira, ngakhale iye mwini sazindikira kuti walumpha.

Chinatsala ndi mbali ya mawu obwereka. Apa pankafunika munthu wosadziwa Chingerezi, chifukwa mawu akafika pakamwa pa munthu wotero ndiye kuti akhazikika, salinso mlendo. Munthu wotero ndinali naye m'nyumba. Amayi anga sukulu analekera Sitandade 2. Amayankhula Chichewa, chomwe iwo amati Chinyanja, ndiponso Chilomwe chomwe anaphunzira kwa makolo awo ochokera ku Mozambiki. Chilomwecho amachitulutsa akamacheza ndi mng'ono wawo, makamaka akafuna kutinena ife tili pomwepo. Ntchito yawo ndi yophika mabanzi mu uvuni wa mgolo kuseri kwa nyumba, n'kukagulitsa kumsika. Mabanzi amenewo ndiwo anandiphunzitsa sukulu.

Loweruka m'mawa ndinawapeza akukanda fulawa m'beseni. Ndinakhala pampando wa ndalema n'kuyamba kufotokoza kuti kusukulu tikuphunzira za kusinthasintha ziyankhulo kuja, koma ndinakutchula ndi dzina lake la Chingerezi, code switching.

"Kodi switchi yatani?" anafunsa Amayi osadzutsa mutu. "Magetsi azimanso?"

"Ayi Amayi, si switchi ya magetsi. Ndi dzina la phunziro. Ndikufuna ndikujambuleni mawu mukuyankhula, ndikawamvetse anzanga m'kalasi."

Manja awo anaima m'beseni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ukufuna ukandiseketse kwa anzako ophunzira."

Sanafunse, ananena ngati chinthu chodziwika kale. Ndipo ine ndinadziwa komwe mawuwo akuchokera, manyazi n'kundigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Ndili Fomu 1, mphunzitsi wa Chingerezi anatiuza kuti aliyense anene chomwe wadya m'mawa. Ine ndinaimirira monyada n'kunena kuti ndadya "one buns." Kalasi yonse inafa nako kuseka. Mphunzitsi analemba pabolodi kuti chimodzi ndi bun, zambiri ndi buns, ndipo anzanga ananditcha "wa banzi" mpaka teremu inatha. Ukali wonse ndinakautulira kunyumba. Ndinayamba kuwakonza Amayi pa chilichonse. Akati sitolo, ine ndimati si sitolo. Akati buledi, ine ndimapotoza mlomo kuwaonetsa katchulidwe kake. Tsiku lina kumsika, makasitomala ali pomwepo, Amayi anati latsala banzi limodzi, ine n'kunena mokweza kuti, "Amayi, limodzi si banzi, ndi bun. Mumatichititsa manyazi." Amayi anangokulunga banzilo m'pepala n'kumupatsa wogula. Ine ndinaiwala, poti wolasa amaiwala, koma iwo anazisunga zaka zonsezi.

Ndiye pa Loweruka limenelo ndinagwira njakata. Popanda mawu a Amayi, ntchito yanga inali ya mwendo umodzi. Kuwajambula mobisa kunali kotheka, foni ikanangogona m'thumba la siketi, koma aphunzitsi analetsa, ndipo ngakhale akanapanda kuletsa, ndinali nditawalakwira kale mokwanira. Ndinangoti, "Chabwino Amayi, ngati simukufuna sindijambula," n'kutenga thireyi kuyamba kupaka majarini.

Tinapitiriza ntchito. Koma Amayi anga chidwi chimawapweteka ngati dzino. Tisanamalize thireyi yachiwiri anafunsa, "Nanga phunziro lakolo limati chiyani za ife osaphunzira?"

Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Ndinati mawu ena omwe timayankhula anachokera ku ziyankhulo zina, ndipo akafika kuno timawaveka zovala zathu. Chichewa sichikonda mawu othera pa lembo lopanda liwu, ndiye timawaikira kamchira, n'chifukwa chake timati buku, foni, kapu. Sichikondanso malembo ena ataunjikana, ndiye timawalekanitsa, n'kukhala sukulu, buledi. Tikatero timawapatsa banja: timati buku ili, mabuku awa, chipatala ichi, zipatala izi, ngati kuti anabadwira konkuno.

"Chipatala ndi Chizungu?" anadabwa Amayi.

"Chinachokera ku Chizungu. Nsapato inachokera ku Chipwitikizi. Ngakhale mawu oti achimwene ndi achemwali tinatenga kwa Ayao."

"Za nsapato ndikudziwa, bambo anga ankanena. Nanga fulawa?"

"Chingerezi. Kwawoko ndi ufa basi."

"Bodza," anatero Amayi. "Ufa ndi ufa, fulawa ndi fulawa. Ndikutume ufa ubwere ndi fulawa, tidya chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, n'kupeza kuti akunena zoona. M'Chichewa fulawa ndi wa tirigu yekha, ufa ndi wa chimanga. Mawuwo atafika kuno anapatsidwa ntchito yawoyawo, yocheperapo kuposa ya kwawo. Zimenezi zinali pa tsamba lina m'buku la aphunzitsi, ndipo ine ndinaziloweza osazimva. Ndinayamba kumva kutentha m'manja, kufuna cholembera.

"Nanga banzi?" anafunsa Amayi, akundiyang'ana m'mbali. Ndinadziwa kuti pamenepa ndiye pali chilonda.

"Linachokera ku Chingerezi," ndinayankha motsitsa mawu. "Koma linabwera ndi kamchira kake ka zambiri, ife n'kukameza. Ndiye kwathu kuno limodzi ndi banzi, ambiri ndi mabanzi."

"Azungu nawonso amadya banzi? Ndiye anatibera ndi iwowo, chifukwa ine chibadwire sindinaone mzungu akukanda fulawa."

Tinaseka tonse awiri, ndipo aka kanali koyamba kuseka limodzi pa nkhani ya banzi. Kenaka anafunsa kuti mawu oterewa kusukulu timawatcha chiyani. Ndinati timawatcha mawu obwereka.

Amayi anapukuta manja pachitenje n'kukhala tsonga. "Obwereka? Iwe, ine ndikabwereka sefa kwa anzanga apa, madzulo ndimabweza, ndipo nthawi yonse yomwe ili kwa ine iwo alibe sefa. Tsono banzi ndakhala nalo pakamwa kuyambira ndili mtsikana. Mwini wake akulisowa? Ndikabweze kwa ndani? Nanga ndikabweza, izi ndikuphikazi ndizizitcha chiyani?"

Mafunso awiri a kalasi ndinali nawo kale, ochokera kwa achimwene. Lachitatu linandisowetsa mtendere sabata yonse, ndipo apa linali litatuluka lokha m'beseni la fulawa.

"Amayi, funso limenelo mundipatse. Ndikalifunse kusukulu."

Anaganiza kwa kanthawi, akusuntha makala pamwamba pa mgolo. Kenaka anandipatsa malamulo awo, ngati aphunzitsi aja. Anati ndiwajambule, koma funsolo likafunsidwe ndi mawu awo, osati anga, chifukwa ine ndikalikometsera mpaka lisiya kuluma. Ndipo ndikabwerako ndidzawauze zoona zokhazokha: ngati anthu aseka, ndidzanene kuti aseka.

Kujambulako kunali ntchito ina. Nditangoika foni patebulo, Amayi anakonza duku, anakhosomola, n'kuyamba kuyankhula ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. "Ine ndimaphika zakudya zopangidwa ndi ufa wa tirigu." Ufa wa tirigu! Munthu yemwe wangondikalipira kumene chifukwa cha fulawa! Ndinawauza kuti ayankhule mmene amayankhulira masiku onse, iwo anati akuyankhula mmene amayankhulira masiku onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaisiya foni ili chitsegulire, iwo akudziwa, n'kupitiriza kupaka majarini. Patapita nthawi thireyi ina inayamba kupserera, Amayi anaiwala za foni, ndipo Chichewa chenicheni cha ku Bangwe chinatuluka chonse: shuga wakwera, yisiti wa masiku ano ndi wabodza, uvuni ukudya makala, geni yavuta. Pomaliza ndinawakumbutsa funso lija, analifunsa ali chiimire, chopanira makala chili m'manja.

Tsiku lofotokoza linali Lachinayi masana. Ndinavala bulauzi yoyera, ndipo m'minibasi yonse ndinkabwereza mawu anga chamumtima mpaka kondakitala anandifunsa kawiri komwe nditsikire. Ndisanatuluke m'nyumba Amayi sananene chilichonse za sukulu. Anangondiikira mabanzi awiri m'chikwama, chinthu chomwe anasiya kuchita ndili Fomu 1 nditawauza kuti anzanga amandiseka.

Mbali ya achimwene inayenda bwino. Kalasi inaseka pa "pure Chichewa," aphunzitsi nawo anamwetulira. Funso langa loyamba linali lakuti n'chifukwa chiyani munthu amakana kuti amasakaniza ziyankhulo pomwe akusakaniza m'chiganizo chomwecho. Anzanga anati ndi manyazi, poti tinaphunzitsidwa kuti kusakaniza ndi ulesi. Lachiwiri linali la mawu a achimwene akuti "ndaichaja koma sikuresponda": kodi liwu lomalizalo ndi lobwereka, kapena alumphira m'Chingerezi? Apa panabuka mkangano. Ena anati lavala zovala za Chichewa kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye ndi lathu. Ena anati kuchaja aliyense amakudziwa, ngakhale agogo akumudzi, koma linalo amalinena ndi odziwa Chingerezi okha, ndiye likadali mlendo. Aphunzitsi anati pamenepo ngakhale akatswiri sagwirizana, ndipo mawu ambiri amayamba ngati alendo a tsiku limodzi, ena n'kukhazikika, ena n'kubwerera.

Kenaka inafika nthawi ya Amayi. Ndinadina pafoni. Mawu awo anadzaza chipinda chonse, pamodzi ndi kulira kwa tambala wa aneba ndi phokoso la thireyi. Atafika poti Azungu ndiwo anatibera banzi, poti anabwerezanso zimenezo pojambula, kalasi inaphulika. Mnyamata wina wokhala kutsogolo, wodziwika ndi Chingerezi cha m'mphuno, anaseka mpaka kumenya desiki, n'kunena kuti, "One buns!" Ndinabwerera ku Fomu 1 nthawi yomweyo, ndipo ndinaona nkhope ya Amayi akukulunga banzi m'pepala.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kumuyang'ana mnyamatayo. Anamufunsa m'Chichewa, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri m'kalasi.

"Achimwene, chomwe mwavala kuphazi lamanzere, mkati mwa nsapato, mumachitcha chiyani kwanu?"

"Sokosi," anayankha.

"Imodzi?"

"Sokosi imodzi."

"Zikakhala zambiri?"

"Masokosi." Mawu anayamba kumuchepera.

"Ndiye mukuseka chiyani? Kamchira komwe mayiwa anameza pa banzi, inu munakameza pa sokosi, ndipo mwayenda nako kuchokera ku Chilomoni mpaka muno."

Kuseka komwe kunatsatira kunali kwina. Aliyense ankadziseka yekha. Wina anakuwa kuti "jinzi," wina "tchipisi," wina "mayunitsi," ndipo mnyamata uja anakweza mwendo kuonetsa sokosi yake, kalasi n'kumuombera m'manja. Aphunzitsi anati umenewu si umbuli, ndi lamulo la chiyankhulo likugwira ntchito yake, ndipo mayi wa mabanziyu akulitsata bwino kuposa ife tomwe timachita nalo manyazi.

Ndinapuma, n'kutsegula funso lachitatu. Mawu a Amayi anafunsa kalasi ya anthu ofuna madigiri kuti banzi akabweze kwa ndani.

Aphunzitsi anakanda m'mutu, ndinawaona ndi maso angawa. Wina anayesa kunena kuti ndi mmene mabuku amatchulira basi. Aphunzitsi anati mayiwa sanafunse za mabuku. Kenaka mtsikana wina wa ku Ndirande, yemwe chaka chonse sindinamumvepo akuyankhula m'kalasi, anakweza dzanja.

"Mwina sitibwereka," anatero. "Mwina timapala, ngati moto. Ukapala moto kwa aneba, wawo suchepa, ndipo palibe amene amabweza. Ukafika pa mbaula yako ndi wako, umaphikira zako."

Aphunzitsi anatenga choko n'kulemba pabolodi kuti "kupala moto," n'kudula mzere pansi pake. Anati dzina lakuti kubwereka tinalitenga kwa ena momwe lilili ndipo tipitiriza kuligwiritsa ntchito pa mayeso, koma lakhala likutsimphina kuyambira kale. Belu linalira anthu akukanganabe ngati Chilomwe ndi Chisena nazonso zimapala moto ku Chichewa, ndiponso chifukwa chake moto wambiri umachokera ku ziyankhulo za anthu a mphamvu. Ndikulongedza mapepala, aphunzitsi anandiitana.

"Funso lachitatu lija si lako," anatero.

"Ndi la amayi anga."

"Malikisi ndikupatsa iwe poti ndiwe unadziwa kuti ndi funso. Koma ukawauze mayi ako kuti banzi asabweze. Ndi lawo."

Ndinatulutsa banzi limodzi m'chikwama n'kuwapatsa. Analandira ndi manja awiri.

Ulendo wa ku Bangwe tsiku limenelo unatalika ngati wa ku Nsanje. Ku Limbe minibasi inachedwa kudzaza, ine ndikungogwedeza mwendo. Nditatsika ndinathamanga ngati mwana wa pulayimale, bulauzi yoyera ili fumbi lokhalokha. Amayi ndinawapeza kuseri, akuchotsa makala pamgolo. Sanandipatse moni.

"Anaseka?"

Ndinalonjeza zoona, ndiye ndinati, "Anaseka, Amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kubwerera ku makala awo, ngati munthu yemwe wamva zomwe ankayembekezera. Ndinawagwira dzanja n'kuwakhazika pampando wa ndalema. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, za mnyamata wa ku Chilomoni ndi sokosi yake, za aphunzitsi kukanda m'mutu, za mtsikana wa ku Ndirande ndi moto wake. Pa sokosi anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ndikutsanzira mmene mawu a mnyamatayo anachepera, ndipo Amayi anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Aphunzitsi akuti musabweze," ndinatero. "Akuti ndi lanu."

"Ndimadziwa kale," anatero Amayi. "Ndimangofuna ndione ngati iwowo akudziwa."

Anayang'ana makala. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana, "Ndiye tsiku lija kumsika, ine ndinalakwitsa chiyani?"

"Palibe, Amayi. Ndinalakwitsa ndine. Mundikhululukire."

Sanayankhe za kukhululuka, Amayi anga sayankha zoterozo ndi pakamwa. Anadzuka, anavundukula nsalu pa dengu, anasankha lofiirira bwino la pakona ya thireyi, lomwe amadziwa kuti ndimalikonda, n'kundipatsa likadali lotentha. Anapotoza mlomo mmene ndinkapotozera ine ndili Fomu 1.

"Eko, idya bun yako."

"Ayi Amayi," ndinatero, pakamwa patadzaza kale. "Ili ndi banzi."